Nthano zopeka za sayansi: poyambira pa munthu wokonda mafilimu a maulendo oopsa

Mwana wa mlongo wanga, amene amakhala ku Senga Bay ndipo anakulira m'tinyumba toonetsa mafilimu, anandipempha chaka china kuti ndimupezere buku lofanana ndi mafilimu amene amawakonda, aja a anthu othawa zilombo, osochera m'nkhalango kapena omenyera moyo wawo panyanja. Ine, mosaganiza bwino, ndinamupatsa buku limene ndinkaliona kuti ndi lopambana pa nthano zonse zopeka za sayansi, lotchedwa Dune, limene Frank Herbert anatulutsa mu 1965. Patatha milungu iwiri analibweza lili ndi kapepala kosonyeza kuti analekezera pa masamba oyambirira penipeni, ndipo anati, "Amalume, bukuli likufuna munthu akhale ndi kope pambali ngati akukonzekera mayeso." Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinamupatsa buku lomuyenera munthu amene wayenda kale m'nthano zoterezi, pamene iye anali asanaponde n'komwe pakhomo.

Chimene chinamutopetsa mnyamatayu si sayansi, pakuti m'mutu woyamba wa bukulo mulibe masamu kapena chiphunzitso chilichonse chovuta. Chinamutopetsa ndi katundu amene wolemba amamusenzetsa wowerenga nkhani isanayambe kuyenda. M'masamba ochepa oyambirira wowerenga amakumana ndi dziko la Caladan ndi la Arrakis, banja la Atreides ndi la Harkonnen, gulu la amayi lotchedwa Bene Gesserit, chida chotchedwa gom jabbar, ndiponso munthu woyembekezeredwa wotchedwa Kwisatz Haderach, ndipo palibe amene amaima kuti afotokoze bwinobwino kuti zonsezi ndi chiyani. Anthu a m'nkhaniyo amazidziwa kale chifukwa anabadwira momwemo, choncho amalankhulana ngati mmene amalankhulirana anthu a pamudzi umodzi, osalabadira mlendo amene wakhala pakhonde. Wolembayo ankadziwa kuti wachita zimenezi, n'chifukwa chake kumapeto kwa bukulo anaikako mndandanda wa matanthauzo a mawu pamodzi ndi zowonjezera zofotokoza chilengedwe ndi chipembedzo cha dzikolo. Alipo anthu ambiri amene amasangalala ndi ntchito yotereyi, yomanga dziko lonse m'mutu pang'onopang'ono kuchokera ku tizidutswa, koma amene wabwera kudzafuna ulendo amaona ngati wakwera minibasi imene ikungolira injini pa siteji, kondakitala akuitanabe anthu.

Filimu ya ulendo woopsa imagwira ntchito mwanjira ina. Pakatha mphindi khumi woonera amakhala atadziwa kale kuti munthu wake ndi uti, akufuna chiyani, ndipo n'chiyani chimene chingamuphe akachedwa. Dziko limene nkhaniyo ikuchitikira silifuna kufotokozedwa, chifukwa aliyense amadziwa kuti madzi amamiza, moto umawotcha, ndipo njala imafooketsa. Nthano yopeka ya sayansi imasintha ena mwa malamulo amenewa, ndipo funso lofunika kwa woyamba kumene ndi lakuti yasintha angati. H. G. Wells, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa nthano za mtunduwu, analemba m'zaka za m'ma 1930 kuti wolemba azilowetsa chinthu chimodzi chokha chosatheka, kenaka china chilichonse achisiye chikhale cha masiku onse ndi chaumunthu, popeza pamene chilichonse chingachitike palibenso chimene chimachititsa chidwi. Ine ndimaona kuti malangizo amene iye anapereka kwa olemba ndi muyeso wabwino kwambiri kwa owerenga atsopano. Nkhani yoyenera kuyambira ndi imene yasintha chinthu chimodzi, n'kumusiyira munthu dziko lotsalalo monga alidziwira.

Nkhani imene imaonetsa bwino zimenezi, ndipo ndi imene ndikanamupatsa mnyamata uja poyamba, ndi The Martian, buku la Andy Weir limene anayamba kulifalitsa yekha mu 2011, kenaka linasindikizidwa ndi kampani ya mabuku mu 2014, n'kupangidwa filimu ndi Ridley Scott mu 2015. Anthu asanu ndi mmodzi apita ku pulaneti ya Mars kukafufuza, kwabuka chimphepo, mmodzi wa iwo, Mark Watney, wamenyedwa ndi chitsulo n'kusowa, ndipo anzake, pokhulupirira kuti wafa, anyamuka kubwerera kwawo. Iye akudzuka ali yekha, wovulala, wopanda njira yolankhulira ndi aliyense. Zimene woonera ayenera kudziwa zathera pomwepa. Mulibe mafumu a m'nyenyezi, mulibe zipembedzo zachilendo, mulibe mbiri ya nkhondo za zaka zikwizikwi. Bungwe lomutuma ndi NASA, la ku Amerika loona za maulendo a m'mlengalenga, limene lilipodi, ndipo chinthu chokha chimene chasinthidwa n'chakuti anthu afika kale ku Mars, zimene mpaka lero sizinachitike. Mawu achilendo oti munthu awasunge ndi ochepa kwambiri, ndipo lalikulu mwa iwo ndi sol, dzina la tsiku la ku Mars, limene ndi lalitali kuposa lathu ndi mphindi pafupifupi 40.

Msodzi aliyense wa m'mbali mwa nyanja kuno angaimve nkhaniyi popanda womasulira, chifukwa ndi nkhani ya munthu amene injini yamuzimira pakati pa nyanja mwera ukuyamba, ndipo chimene watsala nacho ndi kuwerengera zimene zili m'boti. Watney amayamba ndi kuwerengera chakudya. Chimene chinatsala chikanadyetsa anthu asanu ndi mmodzi kwa masiku pafupifupi 50, ndiye kwa munthu mmodzi chikwana masiku 300, ndipo akamadya magawo atatu okha mwa magawo anayi a chakudya cha tsiku, chifika masiku 400. Gulu lina la anthu likuyembekezeka kufika ku Mars pakatha zaka pafupifupi zinayi, amene ndi masiku opitirira 1,400. Kusiyana kwake ndi masiku pafupifupi 1,000 opanda chakudya, ndipo nkhani yonse yagona pa kusiyana kumeneku. Awa ndi masamu amene mayi aliyense amachita akayang'ana m'nkhokwe mwezi wa Okutobala n'kuwerengera ngati chimanga chifike pa nthawi ya zokolola, ndipo woonera akangowamva safunanso kuuzidwa chifukwa chimene munthuyu akuvutikira.

Kuchokera pamenepa nkhani imayenda mwa vuto limodzi pa nthawi imodzi, ndipo vuto lililonse limabala linzake. Pa katundu wa ulendowo panali mbatatesi zenizeni zochepa zimene anasungira chikondwerero, ndipo Watney, amene ndi katswiri wa zomera, aganiza zozidzala m'kati mwa nyumba imene amakhalamo. Dothi la ku Mars lilibe chonde, choncho alisakaniza ndi zoipa za m'chimbudzi kuti zikhale manyowa. Mbewu zifuna madzi ochuluka kuposa amene ali nawo, ndiye atenga mafuta a roketi otchedwa hayidirazini, awaphwanya kuti atulutse mpweya wa hayidirojeni, n'kuwotcha mpweyawo pang'onopang'ono pamodzi ndi okosijeni, popeza mipweya iwiriyi ikapsa pamodzi imapanga madzi. M'filimu, ulendo woyamba moto umamuphulikira n'kumuponyera uko, chifukwa anaiwala kuwerengera okosijeni wotuluka m'kupuma kwake komwe. Chofunika kuona apa ndi nthawi imene sayansi ikufikira kwa woonera. Palibe amene anatiphunzitsa za mipweyayi kumayambiriro kuti tidzaigwiritse ntchito patsogolo. Tikuimva pa mphindi yomwe munthu akufuna madzi, ndipo ikangotha ntchito yake tikhoza kuiiwala osataya kanthu.

Chigawo chimene ine ndimachikonda kuposa zonse ndi cha kulankhulana. Watney akumbukira kuti mu 1997 NASA inatsitsa ku Mars chipangizo chotchedwa Pathfinder, chimene ndi chenicheni ndipo chinasiya kugwira ntchito chaka chomwecho. Apita kukachifukula mumchenga, achilumikiza ku magetsi, ndipo anthu a pa dziko lapansi ayamba kuona zithunzi zake. Iye angathe kulemba uthenga pa chikwangwani n'kuuonetsa ku kamera, koma iwo alibe njira yomuyankhira kupatula kutembenuza kamerayo kuti iloze mbali ina. Akanaika zilembo zonse 26 mozungulira chipangizocho, mpata pakati pa chilembo ndi chinzake ukanakhala madigiri osakwana 14, wochepa kwambiri moti sakanadziwa bwino chimene kamera ikuloza. Choncho agwiritsa ntchito kawerengedwe ka makompyuta ka zizindikiro 16 zokha, kuyambira 0 mpaka 9 kenaka A mpaka F, kamene kamapereka mpata wa madigiri 22.5, ndipo chilembo chilichonse chimatumizidwa ndi zizindikiro ziwiri, monga H amene amalembedwa 48. Pamwamba pa zonsezi, uthenga wa wailesi umatenga mphindi zapakati pa 3 ndi 22 kuti uchoke ku Mars kufika kuno, malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa ali, kotero funso ndi yankho lake zikhoza kudya theka la ola kapena kuposerapo. Zikalembedwa chonchi zimaoneka zambiri, koma pa filimu ndi munthu mmodzi, timitengo tozika mozungulira, ndi kamera ikutembenuka pang'onopang'ono, ndipo ngakhale mwana wa pulayimale amatsatira.

Mbali yomaliza ndi ulendo weniweni, wa makilomita pafupifupi 3,200 pa galimoto yoyendera mabatire kupita kumene kuli roketi ina, mtunda woposa kasanu kutalika kwa nyanja ya Malawi. Sindinena mmene zimathera. Koma ndiyenera kunena zofooka zake, kuti munthu asalowemo ndi chiyembekezo cholakwika. Chimphepo chimene chimayambitsa nkhaniyi sichingachitike motero, chifukwa mpweya wa ku Mars ndi wopepuka kwambiri, mphamvu yake yopanikiza siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wathu, moti mphepo yothamanga kwambiri kumeneko singagwetse munthu, ndipo wolembayo anavomera yekha kuti anadziwa zimenezi koma anafuna poyambira pamphamvu. Chachiwiri, bukuli lili ndi masamu ochuluka kuposa filimu, masamba ena n'kuwerengera malita a madzi ndi mphamvu ya mabatire basi, ndipo Watney ndi wotukwana kuyambira pa mzere woyamba. Kwa munthu wozolowera mafilimu ndi bwino kuyamba ndi filimu, imene ndi ya maola awiri ndi mphindi zopitirira 20, kenaka buku, chifukwa ukamawerenga uli ndi nkhope ndi malo m'mutu kale, masamu aja salemera.

Tikaika Dune ndi The Martian pamodzi timaona kusiyana kwina kumene kumathandiza posankha, ndipo kumeneku ndi kwa munthu amene akutitsogolera m'nkhani. Watney amalankhula ndi kamera kapena kulemba m'buku la zochitika za tsiku, akufotokozera munthu amene sadziwa kanthu, choncho wowerenga ali ndi womuperekeza. Nthano zambiri zosavuta kulowamo zimachita chimodzimodzi mwanjira ina: mtsogoleri wa nkhani amakhala mlendo m'dzikolo, amadabwa pamene ife tikudabwa, amafunsa funso limene ife tikanafunsa. Pamene mtsogoleriyo ndi mbadwa ya dziko lachilendolo, wolemba amatsala ndi njira ziwiri, kusiya wowerenga asochere kapena kuimitsa nkhani kuti aphunzitse, ndipo zonse ziwiri n'zimene zimamutopetsa woyamba kumene.

Jurassic Park, buku la Michael Crichton la 1990 limene Steven Spielberg anapanga filimu mu 1993, ambiri kuno analionera osadziwa kuti akuonera nthano yopeka ya sayansi. Chinthu chimodzi chosinthidwa n'chakuti asayansi apeza udzudzu wakalekale wokwiririka mu utomoni wa mtengo umene unauma n'kukhala ngati mwala, atenga magazi amene udzudzuwo unayamwa kwa zinyama zikuluzikulu zimene zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, n'kuzibadwitsanso, mipata yosowa mu DNA, imene ndi malangizo a m'thupi opangira chamoyo, ataidzaza ndi ya achule. Zonsezi filimu imazifotokoza m'mphindi zochepa kudzera m'kakatuni kamene alendo a pachilumbacho akuonetsedwa, ndipo tikuphunzira limodzi nawo chifukwa nawonso ndi alendo. Zikatero magetsi a mipanda azimitsidwa usiku wa mvula yamkuntho, ndipo chotsala ndi kuthawa. Sayansi yake ili ndi malire ake, pakuti DNA imawonongeka ndi nthawi, ndipo yakale kwambiri imene asayansi akwanitsa kuwerenga ndi ya zaka pafupifupi 2 miliyoni zokha, koma zinyamazo zinalikodi, ngakhale kuno kwathu, ndipo amene anafikako ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Karonga anaona chigoba cha Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chimene mafupa ake anapezeka m'boma lomwelo.

Kwa amene akufuna kuwerenga osati kuonera, ndipo akufuna buku limene angalimalize Loweruka ndi Lamulungu limodzi, The Time Machine ya Wells ya 1895 ndi ya masamba pafupifupi 100 basi. Munthu amene dzina lake silitchulidwa apanga makina oyendera m'nthawi, afika chaka cha 802,701, apeza anthu agawikana mitundu iwiri, Eloi okhala pamtunda ndi Morlock okhala pansi pa nthaka, ndipo makina ake abedwa. Mayina achilendo ndi awiri amenewa ndi la mtsikana mmodzi, cholinga ndi kupeza makinawo, ndipo chokoma chake n'chakuti mlendoyo amaganiza molakwa kangapo za mmene dzikolo lilili n'kumadzikonza yekha pamene akuona zambiri, kotero kumanga dziko kumasanduka kufufuza chinsinsi m'malo mokhala phunziro. Chenjezo ndi lakuti mutu woyamba ndi zokambirana za amuna atakhala m'nyumba pambuyo pa chakudya chamadzulo, akutsutsana ngati nthawi ndi mbali yachinayi ya chilengedwe, ndipo Chingerezi chake ndi cha zaka zoposa 100 zapitazo. Wowerenga apirire masamba ochepawo, kapena apeze buku lomwelo lolembedwanso m'Chingerezi chosavuta cha ophunzira. Mabuku a Wells ndi akale moti amapezeka mwaulere pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Project Gutenberg, ndipo amatsegulika pa foni.

Anthu ambiri amatchulanso Jules Verne, ndipo n'zoona kuti mabuku ake, monga la ulendo wopita pakati pa dziko la 1864 ndi la sitima yoyenda pansi pa nyanja la 1870, ndi maulendo enieni. Komabe ine sindimupatsa woyamba kumene buku lachiwirili lathunthu, chifukwa Verne amaimitsa nkhani kwa masamba angapo kuti atchule mitundu ya nsomba ndi zigoba, ndipo ngakhale ife a kunyanja, amene timasiyanitsa utaka ndi usipa tili m'tulo, timatopa nazo.

Lilipo buku lina limene limaphwanya pang'ono lamulo la chinthu chimodzi koma n'kukhalabe losavuta, ndipo chifukwa chake n'chophunzitsa. Binti, la Nnedi Okorafor, mlembi wa ku Amerika wa makolo a ku Nigeria, linatuluka mu 2015, silifika masamba 100, ndipo linapata mphoto ziwiri zazikulu za nthano zamtunduwu, Hugo ndi Nebula. Mtsikana wa zaka 16 wa mtundu wa Himba, anthu amene alipodi ku Namibia, wasankhidwa kupita ku yunivesite ya pa pulaneti ina, woyamba mwa anthu a kwawo, ndipo achoka usiku osatsanzika chifukwa akudziwa kuti abale ake sangamulole. Ali m'njira, chombo chawo chiukiridwa ndi zolengedwa zotchedwa Meduse. M'nkhaniyi muli zachilendo zingapo, chombo chamoyo, zolengedwa za kwina, zipangizo zosadziwika, koma msana wake ndi chinthu chimene banja lililonse kuno limachidziwa, mwana wosankhidwa kupita kusukulu yakutali, atanyamula chikwama ndi mantha, anthu a m'galimoto akumuyang'ana chifukwa cha kavalidwe kake. Mtsikanayo wanyamula otjize, dothi lofiira losakaniza ndi mafuta limene akazi a Chihimba amadzola, ndipo limakhala ndi ntchito yaikulu m'nkhaniyo. Pamene mtima wa nkhani uli wodziwika chonchi, wowerenga amatha kunyamula mawu achilendo asanu kapena asanu ndi limodzi osamva kulemera. Amene akhutira ndi limeneli angapitirire ku mabuku ake awiri otsatira, ndiponso angafunefune Azotus the Kingdom, la mlembi wa kuno kwathu Shadreck Chikoti, limene nkhani yake ikuchitika mu Afirika wa zaka 500 zikubwerazi.

Pali njira yoyesera buku kapena filimu musanawononge nthawi kapena bandulo, ndipo ndi imene ndinamuphunzitsa mnyamata uja pambuyo pake. Pa buku, tsegulani kumapeto kaye. Mukapeza mndandanda wa matanthauzo a mawu, mapu a maiko, kapena mtengo wa mibadwo ya mabanja, wolemba akukuuzani yekha kuti mudzafunika thandizo, ndipo bukulo lisungeni la mtsogolo. Kenaka werengani masamba khumi oyambirira mukuwerengera mayina ndi mawu opeka amene sanafotokozedwe. Ine ndimaona kuti akakhala osapitirira asanu, nkhaniyo iyenda, koma akafika khumi ndi kupitirira, ndi buku lofuna kope lija. Pa filimu, patsani mphindi 15, kenaka yesani kunena m'chiganizo chimodzi kuti ndani akufuna chiyani ndipo chikumuletsa n'chiyani. Pa The Martian chiganizocho ndi chakuti munthu wosiyidwa ku Mars akufuna kukhala ndi moyo mpaka abwere omutenga, koma chakudya sichikwana. Pa Gravity, filimu ya 2013 ya ola limodzi ndi theka, ndi chakuti mayi amene chombo chake chaphwanyidwa ndi zidutswa za zitsulo m'mlengalenga akufuna kubwerera pansi mpweya usanamuthere. Chiganizo chikakana kutuluka, kapena chikafuna mawu atatu amene simungawamasulire, mwadziwa mtundu wa nkhani imene mwaigwira.

Muyesowu uli ndi polekezera pake, ndipo ndisabise. Umayesa kulemera kwa pakhomo, suyesa ubwino wa nyumba. Mafilimu ambiri opanda nzeru amaupambana mosavuta, ndipo mabuku ena abwino kwambiri amaulephera, Dune yemweyo ali m'gulu lachiwirili. Suthandizanso pa nkhani zimene mawu ake ndi osavuta koma kayendedwe ka nthawi n'kopotana, zija zimene zimadumpha kutsogolo ndi kumbuyo, pakuti pamenepo chotopetsa si mayina koma kusunga dongosolo la zochitika.

Msampha wina umene ndauona kawirikawiri uli pa nkhani zokhala ndi zigawo zambiri. Munthu akapita kwa anyamata oika mafilimu m'foni ndi m'mafulashi pa Kamuzu Road n'kupempha Star Wars, mwachibadwa amayamba ndi imene yalembedwa nambala 1, poganiza kuti ndiyo chiyambi. Koma filimu imeneyo inatuluka mu 1999, inapangidwira anthu amene ankalidziwa kale dzikolo kwa zaka zoposa 20, ndipo imatsegula ndi mawu onena za mkangano wa misonkho ya njira za malonda. Yoyamba kupangidwa ndi ya 1977, imene pambuyo pake inapatsidwa nambala 4, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mnyamata wa kumunda amene wapeza uthenga wa mwana wamkazi wa mfumu wopempha thandizo n'kunyamuka ulendo. Mnyamatayo sadziwa zambiri za dziko lakunja kwa mudzi wake, ndiye pamafunika nkhalamba yomufotokozera, ndipo pofotokozera iye imafotokozeranso ife. Pa nkhani za zigawo zambiri ndi bwino kutsatira zaka zimene zinatulukira osati manambala a pa chikuto, chifukwa chigawo choyamba kupangidwa ndicho chokha chimene chinalembedwera anthu osadziwa kanthu. Vuto lofanana nalo lili pa filimu ya Dune ya 2021, imene ndi ya maola awiri ndi theka koma imathera pafupifupi pakati pa buku, moti amene sanauzidwe kuti pali gawo lachiwiri, la 2024, amadzuka pampando akuona ngati fayilo inadukira panjira.

Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, aja amene mnyamata amalankhula pamwamba pa mawu a osewera, amaonetsa kusiyana konseku poyera. Pa nkhani ya cholinga chimodzi womasulirayo amathandiza, amaseketsa, ndipo ngakhale alakwitse mawu ena chithunzi chimakonza cholakwacho, chifukwa tikuona tokha kuti chilombo chikubwera. Pa nkhani imene tanthauzo lake lagona m'mayina a mabanja, m'mapangano ndi m'mbiri yakale, womasulira akaphonya chiganizo chimodzi amayamba kupeka zake, ndipo pakatha theka la ola nkhani imene akunena imakhala itasiyana ndi imene ikuoneka. Ndinaonerapo filimu ina yotere m'kanyumba kodzaza anthu, womasulira atasandutsa adani awiri kukhala pachibale, ndipo pamene anayamba kuphana, anthu anayamba kufunsana kuti alongo ake alakwa chiyani.

Mnyamata wa ku Senga Bay uja anaonera The Martian pa foni usiku umodzi, magetsi atazima, batire ikutha ngati ya Watney yemwe. M'mawa mwake sanandifunse za Mars kapena za roketi. Anandifunsa ngati mbatatesi zingakuledi ndi manyowa a m'chimbudzi popanda kudwalitsa munthu, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikukambirana za manyowa mpaka dzuwa linakwera. Buku la Wells analimaliza masiku atatu, atadumpha theka la mutu woyamba monga ndinamulangizira. Dune adakali nayo, popeza anadzaitenganso yekha miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo ulendo wapitawu ndinaona kuti kapepala kaja kasuntha kufika pamene banja la Atreides lafika ku Arrakis.